Kalendala yobzalira yochokera pa chithunzi cha paketi ya mbewu: chifukwa chake imasemphana ndi zam'munda, ndi kakonzedwe kake

Chaka chilichonse cha mu Okutobala ndi Novembala, zithunzi za mapaketi a mbewu zimayenda kwambiri pa foni. Mayi ali kumudzi ajambula paketi ya chimanga imene agula, atumizira mwana wawo amene ali mu tauni kapena ku Joni, n'kunena kuti: "Tatiwerengera, kenaka utiuze masiku othira feteleza ndi okolola. Mvula akuti iyamba sabata yachiwiri ya Disembala." Mwanayo alemba kalendala yooneka bwino. Koma pofika mu Januwale madandaulo ayamba. Tsiku lothira feteleza wobereketsa lakwana chimanga chikadali chaching'ono, kapena tsiku lokolola lafika njere zikadali zofewa.

Nthawi zambiri paketiyo sinaname, ndipo wowerengayo sanalakwitse kuphatikiza manambala. Vuto limakhala lakuti paketi imapereka chiwerengero cha masiku, siipereka madeti. Kuti masikuwo asanduke madeti pamafunika tsiku loyambira kuwerenga, ndipo m'munda wa chimanga muli masiku atatu amene anthu amawasokoneza: tsiku limene mvula yagwa, tsiku limene mbewu yalowa m'nthaka, ndi tsiku limene yamera. Ndikamba za chimanga cha haibulidi chodalira mvula, chifukwa ndi chimene zithunzi zake zimabwera kwambiri.

Chithunzi chisanakupusitseni

Musalembe deti ngakhale limodzi ngati mwalandira chithunzi cha kumaso kwa paketi kokha. Kumasoko kumakhala dzina la mbewu ndi chisononkho chachikulu chokopa ogula. Zimene mukufuna zili kumbuyo ndi pa kachikalata kosokerera kapena komata: masiku okhwimira, kutalikirana kwa mizere ndi mapando, nambala ya gulu la mbewuyo, mwezi umene inayesedwa, ndi kuchuluka kwa njere zimene zinamera poyesapo. Pulasitiki imanyezimira, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi, moti 130 amatha kuoneka ngati 150, ndipo 3 ndi 8 amafanana pa paketi yokwinyika. Kusiyana kwa masiku 20 amenewo n'kokwanira kuwononga kalendala yonse. Apempheni aitambasule paketiyo pa mphasa, pamthunzi, azimitse nyali ya kamera, ajambule pafupi magawo awiri kapena atatu. Ngati nambala ikukayikitsabe, aimbireni ayiwerenge pakamwa.

Dzina la mbewu limathandiza kutsimikiza. Mwachitsanzo, mbewu za Seed Co zili ndi mayina a nyama amene amatsatira msinkhu wa kukhwima: Kalulu, Kanyani ndi Mbidzi ndi zocha msanga, Mkango ndi yapakati, Njobvu ndi yochedwa. Mukaona kuti mwawerenga masiku 150 pa paketi ya mbewu yocha msanga, dziwani kuti chithunzi chakunamizani.

Yang'ananinso mwezi woyesera. Ngati mbewuyo ndi yotsala chaka chatha, kapena inakhala pa dzuwa pa khonde la sitolo, kalendala yanu iyambe masiku khumi mvula isanagwe ndi ntchito iyi: tengani njere 100, zikulungeni m'chiguduli chonyowa, muziwaza madzi tsiku lililonse, ndipo muwerenge zomera pakatha masiku 7. Mbewu yabwino yovomerezeka imamera njere 90 kapena kuposa. Zikamera 60, mwadziwiratu kuti mbewuyo siikwana munda, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi mu Novembala kusiyana ndi kuziona pa mizere. Mbewuyi imakhala yopakidwa mankhwala, choncho musambe m'manja, ndipo nkhuku ndi ana asaifikire.

"Tinabzala pa deti limene munatiuza, koma zamera pang'ono"

Apa ndi pamene pamatayika mbewu yambiri. Deti la kuyamba kwa mvula limene munthu wakupatsani, kaya walimva pa wailesi kuchokera ku nthambi yoona zanyengo kapena kwa alangizi, ndi loyembekezera. Limakuuzani nthawi imene mizere, mbewu ndi feteleza ziyenera kukhala zokonzeka. Silikulamula kuti mubzale tsiku limenelo. Ulosi umanena za boma lonse kapena dera lalikulu, pamene mvula yoyamba imagwa mwa apo ndi apo, moti mudzi wina unyowa, wina wa kutsidya kwa dambo n'kukhala fumbi lokhalokha.

Palinso chizimalupsa. Mvula imeneyi imabwera ndi mabingu ndi mphepo mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, imanunkhiritsa dothi, ndipo mtima wa mlimi umathamanga. Koma imanyowetsa pamwamba pokha. Njere imafufuma, imatulutsa kamuzu, kenaka dzuwa la sabata ziwiri limaipsereza m'nthaka momwemo.

Mvula yobzalira imayezedwa, siimvedwa ndi khutu pa malata. Muyezo umene alangizi ambiri amagwiritsa ntchito ndi mamilimita pafupifupi 25 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana. Simufunika chipangizo chogula. Tengani chitini cha m'mbali mowongoka, chimene kukamwa ndi pansi n'zofanana kukula, muchikhazike pa chitsa pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa muviike rula ya mwana wasukulu. Madzi akafika masentimita awiri ndi theka, amenewo ndi mamilimita 25. Kenaka pitani kumunda ndi khasu, kumbani pamwamba pa mzere mpaka dzanja lonse lilowe kufika pa mfundo. Tapani dothi la pansipo mulifumbate. Likagwirana n'kukhala chibuma, chinyezi chafika. Likamwazika mukangotambasula dzanja, dikirani, ngakhale aneba onse atabzala.

Choncho pa kalendala yoyamba imene mutumize kumudzi, pa mzere wobzala musalembe deti limodzi. Lembani kuti: "Kubzala: pasanathe masiku atatu mvula yokwanira itagwa." Madeti ena onse alembedwe ndi pensulo mpaka atakuuzani tsiku limene abzaladi.

Ena amabzala pouma, kudikirira kuti mvula ipeze mbewu m'nthaka. Kwa iwowa tsiku loyambira kuwerenga si limene anaponya njere, koma limene mvula inanyowetsa nthaka. Njere ikhoza kukhala m'fumbi masiku khumi osayamba chilichonse.

Chitsanzo: munda wa ku Mitundu, mvula ya pa 8 Disembala

Tiyerekeze kuti munda uli cha ku Mitundu m'boma la Lilongwe. Paketi yalemba `Days to maturity: 125–130`. Mvula yokwanira yagwa pa 8 ndi pa 9 Disembala, abzala pa 10 Disembala, ndipo pa 16 Disembala chimanga choposa theka chatuluka pa mizere. Tsopano tili ndi masiku awiri owerengera. Zokhudza moyo wonse wa mbewu, monga kumasula ndi kukhwima, tiwerengera kuchokera pa 10. Zokhudza ntchito za mmera, monga kupakiza, kupalira ndi feteleza, tiwerengera kuchokera pa 16.

- 10 Disembala: kubzala, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando.
- 16 Disembala: kumera.
- Pofika 23 Disembala: kupakiza kwatha, feteleza wokulitsa walowa.
- Pofika 30 Disembala: kupalira koyamba kwatha.
- 6 mpaka 13 Januwale: yureya.
- Pofika 27 Januwale: kupalira kachiwiri kapena kubandira kwatha.
- Cha pa 13 Febuluwale: ngayaye ndi ndevu.
- Cha pa 19 Epulo: kukhwima.
- 10 mpaka 17 Meyi: kukolola, ngati chauma.

Onani mmene 19 Epulo wapezekera, chifukwa apa anthu ambiri amadula njira. Amati masiku 130 ndi miyezi inayi, n'kulemba 10 Epulo. Koma kuchoka pa 10 Disembala kufika pa 10 Epulo ndi masiku 121 okha. Werengani mwezi ndi mwezi: Disembala watsala ndi masiku 21, Januwale awonjezera 31 kukhala 52, Febuluwale 28 kukhala 80, Malichi 31 kukhala 111, ndipo otsala 19 agwera mu Epulo. Chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 29, monga 2028, deti limabwerera m'mbuyo ndi tsiku limodzi. Ndipo paketi ikapereka manambala awiri, tengani yaikuluyo. Mlimi savutika chimanga chikacha msanga kuposa mmene amayembekezera, amavutika akapangana ndi aganyu ndi ngolo chimanga chikadali chachiwisi.

Amene mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets pa foni, ikani tsiku lobzala mu `B1` ndi tsiku lomera mu `B2`, kuti mvula ikasintha musinthe malo awiri okha:

```
=B2+21
=B1+65
=B1+130
```

Mzere woyamba ndi yureya, wachiwiri ndi ndevu, wachitatu ndi kukhwima. Samalani kuti foni isawerenge 10/12 ngati 12 Okutobala. Deti la ndevu likatuluka mu Disembala, vuto ndi limenelo.

"Tsiku la yureya lakwana, koma chimanga n'chaching'ono"

Choyamba funsani kuti munawerengera kuchokera pati. Mapepala ena amalemba `DAP`, kutanthauza masiku kuchokera pobzala, ena `DAE`, kutanthauza kuchokera pomera. Pakati pa awiriwa pali masiku 5 mpaka 7, ndipo ngati anabzala mozama kapena nthaka inauma pamwamba, amafika 10. Mukawerengera masiku 21 kuchokera pa tsiku la mvula, pa 8 Disembala, mupeza 29 Disembala, pamene chimanga chili ndi masiku 13 okha chimerere. Mizu yake ikadali yochepa, ndipo mvula ya mu Januwale itsuka gawo lalikulu la fetelezayo mbewu isanamudye.

Ngati kuwerenga kuli bwino, yang'anani mbewuyo. Pa sabata zitatu chimerere, chimanga chathanzi chimakhala ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi otambasuka bwinobwino, osawerengera amene akadali okulungika pa mtima. Chikakhala chaching'ono ndi chachikasu, fufuzani ngati feteleza wokulitsa analowa pa nthawi yake, ngati udzu unachipitirira, kapena ngati madzi akuima m'makwalala. Pamenepo musachedwetse yureya podikira kuti chikule. Chotsani udzu, tsegulani njira ya madzi, n'kuthira.

Chimene chiyenera kusuntha deti la yureya ndi chinyezi. Pa 6 Januwale pakakhala ng'amba, dothi louma, masamba akupota masana, musathire. Yureya wosiyidwa pamwamba pa dothi lotentha amauluka ngati mpweya, ndipo woyandikira tsinde amatentha mbewu. Dikirani mvula, ndipo ikangogwa boolani kadzenje masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa tsinde, thirani, kwirirani. Ndi chifukwa chake pa kalendala ndalembapo sabata yathunthu, osati tsiku limodzi. Koma kudikirako kuli ndi malire. Kukula kwa chisononkho kumakhazikika chimanga chisanamasule, choncho yureya wofika ngayaye zitatuluka amabweza zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake. M'nthaka ya mchenga, monga madera ena a Kasungu ndi Mchinji, ndimakonda kugawa yureya pawiri: theka pa sabata zitatu, theka lina pa sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi, chifukwa mvula yamphamvu imamutsitsa msanga kupitirira mizu.

Kumbukiraninso kuti mapaketi ena amasindikizidwira mayiko angapo. Mukaona `Compound D` kapena mizere ya masentimita 90, amenewo ndi malangizo ofala ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Kuno ku Malawi muyezo wofala pa hekitala ndi matumba awiri a makilogalamu 50 a feteleza wokulitsa ndi atatu a yureya, pa mapesi pafupifupi 53,000. Ndipo manambala a pa paketi amakhala a pa hekitala, pamene kumudzi timayeza ndi maekala. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Ngati hekitala ifuna mbewu yokwana makilogalamu 25, ekala ifuna 10, ndipo kapaketi ka makilogalamu awiri sikafika ngakhale kota ya ekala. Zimenezi zimakhudza kalendala mwachindunji: mbewu ikathera pakati pa munda, n'kukagula ina patapita sabata, mwakhala ndi minda iwiri, ndipo uliwonse ufuna madeti akeake.

Mvula yachedwa: kodi mbewu imene tagulayi ikadali yoyenera?

Ili ndi funso limene ndimafuna aliyense wolemba kalendala adzifunse asanatumize chilichonse, chifukwa ndi limene limasiyanitsa nkhokwe yodzaza ndi mapesi odyetsa ng'ombe. Mvula ikachedwa kuyamba, sizitanthauza kuti ichedwanso kusiya. M'chigwa cha Lilongwe mvula imayamba kuchepa kumapeto kwa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, kaya inayamba molawirira kapena mochedwa. Choncho kalendala iyenera kuwerengedwanso chobwerera, kuchokera kumapeto.

Chimanga chimafuna chinyezi mpaka njere zitatsala pang'ono kulimba, ndipo nthaka yabwino imasunga chinyezi kwa sabata ziwiri kapena zitatu mvula itasiya. Tikatenga 19 Epulo wa m'chitsanzo chathu ngati tsiku lomaliza limene tingafune kuti chimanga chikhale chitakhwima, masamu ake ndi osavuta. Mbewu ya masiku 130 iyenera kulowa pofika 10 Disembala. Ya masiku 150 iyenera kulowa pofika 20 Novembala. Ya masiku 115 ikhoza kudikira mpaka pa Khirisimasi.

Tsono taganizani za munthu amene anagula mbewu ya masiku 150 mu Okutobala, koma mvula yabwera pa 8 Disembala. Akabzala pa 10, idzakhwima pa 9 Meyi. Ndevu zidzatuluka cha pa 23 Febuluwale, ndipo gawo lalikulu la kudzaza njere lidzagwera mu Epulo, mvula itapita. Mundawo udzaoneka wokongola kwambiri mu Febuluwale, mapesi aatali obiriwira, koma zisononkho zidzakhala zopepuka, njere zokwinyika, kunsonga kopanda kanthu. Malangizo anga kwa munthu wotere ndi akuti mbewu yochedwayo aibzale kumunsi kwa munda, kufupi ndi dambo kumene chinyezi chimakhalitsa, ndipo kumtunda apezere mbewu yocha msanga. Ndikudziwa kuti ndalama ya mbewu yachiwiri siipezeka mwachisawawa mu Disembala. Koma feteleza amene adzathiridwe pa mbewu yosayenerayo ndi wodula kwambiri kuposa mbewuyo.

Tsiku lomalizali si limodzi dziko lonse. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje nyengo ndi yaifupi ndipo kutentha kumaumitsa nthaka msanga, choncho libwezeni m'mbuyo. Ku Nkhata Bay ndi madera ena a kumpoto mvula imapitirira mpaka Epulo ngakhale Meyi. Funsani achikulire a pamudzipo kuti mvula imasiya liti zaka zambiri, osati chaka chabwino chimene amachikumbukira mokondwa.

Palinso nthawi ina yofunika kuizindikira pa kalendala: sabata ziwiri ndevu zisanatuluke ndi sabata ziwiri zitatuluka. Mu chitsanzo chathu ndi kuyambira 30 Januwale mpaka 27 Febuluwale. Ng'amba ikagunda pamenepa, ngayaye zimathothola ufa wake ndevu zisanatuluke, ndipo chisononkho chimabereka njere za apo ndi apo. Ngati dera lanu limakhala ndi ng'amba nthawi yofanana chaka ndi chaka, kubzala mitundu iwiri yosiyana masiku okhwimira kumathandiza kuti munda wonse usamasule sabata imodzi.

Ngati mmera woyamba wapsa ndipo mwabzalanso, kalendala yakale ing'ambeni. Werengani zonse kuchokera pa tsiku latsopano, ndipo funso la mbewu yoyenera mulifunsenso. Kupakiza nako kuli ndi malire: kukapitirira sabata imodzi chimerere, topakizato timaphimbidwa ndi zinzake ndipo sitibereka zooneka.

"Paketi inati masiku 130, koma chachedwa" kapena "chafulumira"

Chimanga chimakula motsatira kutentha, osati motsatira kalendala. Nambala ya pa paketi imachokera ku malo oyeserera, kawirikawiri okwera pakatikati. Mbewu yomweyo ku mapiri a Dedza, kumene usiku kumazizira, imatha kuchedwa ndi sabata ziwiri kapena kuposa, pamene ku Salima m'mbali mwa nyanja imafulumira. Palibe cholakwika ndi mbewuyo.

Njira yokonzera ndi kulola munda kuti ukuuzeni. Apempheni akuuzeni tsiku limene theka la mapesi latulutsa ndevu. Kuchokera pamenepo kufika pokhwima pamatenga masiku pafupifupi 60, kumalo ozizira kuposerapo pang'ono. Ngati ndevu zatuluka pa 22 Febuluwale m'malo mwa pa 13, sunthani madeti onse otsala ndi masiku 9 kapena kuposa. Chimanga chootcha chimapezeka patatha sabata zitatu ndevu zitatuluka, ndipo imeneyo ndi nthawi yoyamba kulondera munda.



Kukhwima si kukolola

Tsiku limene paketi imatchula ndi limene njere yasiya kulandira chakudya kuchokera ku phesi. Kuti mudziwe ngati lafika, thyolani chisononkho pakati, chotsani njere imodzi, n'kukanda ndi chikhadabo kunsonga kwake kumene inalumikizana ndi chitsononkho chamkati. Mukaona kadontho kakuda, yakhwima. Koma pa nthawiyi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa njereyo ndi madzi, pamene chimanga chosunga chimafunika kuuma mpaka madzi atatsala magawo 13 pa 100. Mukachitonola n'kuchiika m'matumba pa 19 Epulo, chidzatentha, chidzachita chuku, ndipo chuku china chimabweretsa poizoni wosaoneka ndi maso.

Ndi chifukwa chake m'chitsanzo muja ndaonjezera sabata zitatu kapena zinayi. Kadontho kakuda kakaoneka mukhoza kudula mapesi n'kusanja mikukwe, makamaka kumene chiswe chimagwetsa chimanga kapena ziweto zimamasulidwa msanga. Pokolola, makoko akhale atauma, zisononkho zambiri zitaweramira pansi. Musanathire m'matumba, tengani botolo louma bwino, ikanimo njere zodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo mulisiye kwa mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa mkeka padzuwa.